Waya mmodzi, pakamwa pambiri: luso lokhala chete m'kati mwa makina

Patebulo panga panali zinthu zitatu: kabolodi ka Arduino Uno, kachipangizo kowerenga makhadi a pakhomo kotchedwa RC522, ndi kena kolowetsamo khadi la SD, longa lija timasungiramo nyimbo ndi zithunzi m'foni. Ndinkafuna makina osavuta: munthu akagunditsa khadi lake pakhomo, nambala ya khadilo ilembedwe m'khadi la SD kuti madzulo tidziwe amene analowa.

Ndinayesa chowerengera makhadi pachokha, chinagwira bwinobwino. Ndinayesa khadi la SD palokha, linalemba popanda vuto. Koma nditalumikiza zonse ziwiri, chowerengera chija chinangoti zii. Ndikachifunsa nambala ya mtundu wake, yomwe poyamba chinkayankha kuti `0x92`, pakanema pankabwera `0xFF` kapena `0x00`. Ndikazula waya mmodzi yekha wochokera ku khadi la SD, chinkadzukanso. Palibe chinapsa, palibe waya anaduka, pulogalamu inali yomweyo. Vuto linali lakuti zipangizo ziwiri zinkalankhula pa waya mmodzi nthawi imodzi, ndipo chimodzi mwa izo sichinkatha kukhala chete.

Ziro si kukhala chete

Tonse tinamva kuti makompyuta amalankhulana ndi 1 ndi 0. Pa Arduino Uno, 1 ndi mavoloti pafupifupi 5, ndipo 0 ndi mavoloti 0. Ambiri timaganiza kuti 0 ndiye kuti magetsi azima, chipangizo chaleka kulankhula. Maganizo amenewa ndi amene amasocheretsa.

Kuseri kwa mwendo uliwonse wa tchipi umene umatulutsa uthenga kuli mathiranzisita awiri, omwe ndi timaswitchi ting'onoting'ono. Yapamwamba ikayatsidwa imalumikiza mwendowo ku magetsi, ndipo waya amakwera kufika pa 1. Yapansi ikayatsidwa imalumikiza mwendowo ku nthaka, komwe pa bolodi amalembapo GND, ndipo waya amatsika kufika pa 0. Choncho tchipi imene ikunena kuti 0 ikugwira ntchito yolemera chimodzimodzi ndi imene ikunena kuti 1. Yagwira waya mwamphamvu n'kumukanikizira pansi.

Taganizirani mtengo wautali umene anthu angapo augwira. Wina akhoza kuunyamula, wina akhoza kuukanikizira pansi, ndipo woyang'ana patali amawerenga uthenga poona ngati mtengowo uli m'mwamba kapena pansi. Kuti mmodzi atumize uthenga womveka, enawo sayenera kuunyamula ndiponso sayenera kuukanikiza. Ayenera kuchotsapo manja. Kuchotsapo manjako ndiye mkhalidwe wachitatu.

Mu tchipi zimenezi zimachitika mathiranzisita onse awiri akazimitsidwa. Mwendo umakhala ukadali wowotcheredwa pa waya, koma magetsi sadutsamo kupita kulikonse, ngati kuti wina waudula ndi mpeni. M'mapepala ofotokoza matchipi mkhalidwewu amaulemba ndi chilembo Z, pambali pa 1 ndi 0. Kachipangizo kamene kamatha kuchita zitatuzi akatswiri amakatcha thirayisiteti bafa, dzina limene linatchuka ndi kampani ya National Semiconductor ya ku America, yomwe inalilembetsa ngati chizindikiro cha malonda ake. Ine ndizikatchula kuti kachitseko, chifukwa ntchito yake ndi yomweyo. Kali ndi miyendo itatu: wolowera uthenga, wotulukira uthenga, ndi wachitatu wolamula, umene amaulemba OE. Wolamulayo akalola, chimene chalowa chimatuluka momwemo. Akakana, kachitseko kamatsekeka ndipo waya amatsala m'manja mwa ena.

Chifukwa chogawana waya

Wina angafunse kuti bwanji osangopatsa chipangizo chilichonse waya wakewake. Yankho lili pa kuchuluka kwa miyendo. Purosesa ya Z80, imene kampani ya Zilog inatulutsa mu 1976, ili ndi miyendo 40 yokha, ndipo 8 mwa iyo ndi yonyamula uthenga. Mawaya 8 omwewo amafika ku tchipi yosunga pulogalamu, ku tchipi ya memore, ndi ku matchipi olankhula ndi kiyibodi ndi zina. Chilichonse chikanafuna mawaya 8 akeake, miyendo ikanatha msanga. Mtolo wa mawaya ogawana chonchi akatswiri amautcha basi, monga basi imene anthu ambiri amakwera limodzi.

Pa tebulo langa basi yake inali yaing'ono, yamtundu wa SPI, umene unayambira ku kampani ya Motorola m'zaka za m'ma 1980. Arduino ndiye mkulu wa zokambirana. Pa pini 13 imatulutsa kugunda kwa wotchi, SCK. Pa pini 11 imatumiza mawu ake, MOSI. Pa pini 12 imamvera mayankho, MISO. Mawaya awiri oyambawo alibe mkangano chifukwa wolankhulapo ndi mmodzi ndipo ena onse amangomvera. Omvera angachuluke bwanji, palibe choopsa. Koma pa MISO olankhula ndi ambiri, womvera ndi mmodzi.

N'chifukwa chake chipangizo chilichonse chili ndi waya wina wachinayi, wakewake, wotchedwa CS. Uyu ali ngati kuloza kwa nyakwawa pabwalo la milandu: amene walozedwa ndiye aimirire alankhule. Arduino ikatsitsa CS wa chipangizo china kufika pa 0, chipangizocho chimatsegula kachitseko kake ka pa MISO n'kuyankha. CS akabwerera pa 1, chimayenera kuchotsapo manja. Lamulo lonse la basi lagona pamenepa: pa nthawi iliyonse, kachitseko kotsegula kakhale kamodzi, kapena pasakhale n'komwe.

Awiri akalankhula pamodzi

Tiyeni tione zimene zimachitika lamuloli likaphwanyidwa. Tchipi yoyamba ikunena kuti 1, choncho thiranzisita yake yapamwamba yalumikiza waya ku mavoloti 5. Yachiwiri ikunena kuti 0, choncho yake yapansi yalumikiza waya yemweyo ku nthaka. Tsopano pali njira yochoka ku magetsi, kudutsa m'tchipi yoyamba, kuyenda pa waya, kudutsa m'tchipi yachiwiri, mpaka ku nthaka. Imeneyi ndi shoti, ndipo chotchinga chake ndi mathiranzisita awiriwo basi.

Thiranzisita yoyatsidwa imakaniza magetsi pang'ono chabe, ndi maomu makumi angapo. Tiyerekeze kuti iliyonse ili ndi maomu 40. Pamodzi ndi 80. Mavoloti 5 kugawa ndi maomu 80 kukutipatsa mamiliampu pafupifupi 62. Tchipi ya ATmega328P, imene ili mtima wa Arduino Uno, malire ake omaliza ndi mamiliampu 40 pa mwendo umodzi. Ngati mkanganowo uli pa mawaya onse 8 a basi yonga ya Z80, kuchuluka kwa magetsiwo kukhoza kufika kasanu n'katatu. Tchipi imatentha, magetsi a bolodi lonse amagwedera, ndipo zikapitirira nthawi yaitali mwendowo ukhoza kufa.

Kuwonongeka kwina n'kwa uthenga. Ngati awiriwo ali ofanana mphamvu, waya amaima pakati, pa mavoloti 2.5. ATmega328P ikamayendera mavoloti 5 imalonjeza kuwerenga 0 ngati waya ali pansi pa mavoloti 1.5, ndi kuwerenga 1 ngati ali pamwamba pa mavoloti 3. Pakati pa ziwirizi palibe lonjezo. Lero iwerenga 1, mawa kukatentha iwerenga 0. Vuto lotere limazunza chifukwa limabwera n'kupita, ndipo munthu amathera masiku akukaikira pulogalamu yosalakwa.

Koma kawirikawiri awiriwo safanana mphamvu, ndipo wamphamvu amapambana nthawi zonse. Umu ndi mmene zinalili pa tebulo langa, ndipo n'chifukwa chake chipangizo chimodzi chinkaoneka changwiro pamene chinzake chinkaoneka chakufa. Chooneka chakufacho ndicho chinali chosalakwa.

Kupeza wolakwa ndi marezisita awiri

Njira yoyesera ndi yotsika mtengo, ndipo ndi imene ndimaikonda kuposa zonse chifukwa imaonetsa mkhalidwe wachitatuwo ndi maso. Mita yokha siingasiyanitse waya amene wakanikizidwa pa 0 ndi waya amene wasiyidwa, chifukwa onse awiri akhoza kuonetsa ziro. Kuti musiyanitse, muyenera kumukoka wayayo pang'ono muone ngati alola.

Tengani marezisita awiri a maomu 10,000. Imodzi ilumikize MISO ku mavoloti 3.3, inayo ilumikize MISO ku GND. Kenako kwezani ma CS onse akhale pa 1, kuti pasakhale chipangizo chimene chalozedwa. Ngati onse achotsadi manja, marezisita awiriwo amagawana mphamvu mofanana ndipo mita imaonetsa theka, mavoloti 1.65. Ngati mita ikuonetsa pafupi ndi 3.3 kapena pafupi ndi 0, ndiye kuti wina wagwirabe waya, popeza thiranzisita ya maomu makumi ochepa siimva n'komwe kukoka kwa maomu 10,000.

Nditayesa ndi chowerengera makhadi chokha, mita inaima pafupi ndi 1.65. Nditabwezeretsa waya wa khadi la SD, inalumphira pafupi ndi 3.3 ngakhale CS wake anali pa 1. Wolakwa anapezeka.

Nditatembenuza kabolodi ka SD ndi kukayang'ana ndi galasi lokulitsa, ndinaona katchipi ka miyendo 14 kolembedwa LVC125A. Makhadi a SD amayendera mavoloti 3.3 pamene Arduino Uno imayendera 5, ndiye opanga timabolodi totere amaika tchipi ya 74LVC125 pakati kuti itsitse mphamvu ya uthenga wopita ku khadi. Chodabwitsa n'chakuti tchipi imeneyi ndi timazitseko tinayi ta mikhalidwe itatu, kalikonse ndi OE wake. Chida chokhalira chete chinalipo kale. Koma pa timabolodi tambiri totsika mtengo ta mtundu umenewu, ma OE onse anayi anawotcheredwa ku GND. Mu 74LVC125 kachitseko kamatseguka OE akakhala pa 0, choncho tonse tinayi ndi totsegula usana ndi usiku, kuphatikizapo ka MISO. Khadi lenilenilo limasiya waya likauzidwa, koma kachitseko kali kutsogolo kwake kamapitiriza kubwereza chilichonse chimene kakuona kumbuyo, ndipo kamachita zimenezi mwamphamvu, popeza banja la LVC linapangidwa kuti lizitha kukankha mamiliampu 24. Chowerengera makhadi chinkayankha ndithu, koma mawu ake ankamira.

Wopanga kabolodi kameneka anaganiza kuti kadzakhala kokha pa basi, ndipo kakakhaladi kokha palibe amene angadziwe kuti kali ndi chilema.

Kukonza kwake

Chofunika n'chakuti kachitseko ka MISO kazimvera CS. Mwamwayi ziwirizi zimalankhula mofanana: CS pa 0 ndiye kuti lankhula, OE pa 0 ndiye kuti tseguka. Ndiye palibe china chofunika pakati, kungozilumikiza.

Wa dzanja lokhazikika amatsata njira za pa bolodi ndi mita mpaka apeze kachitseko kamene kamatulukira ku MISO, n'kutenthetsa mwendo wake wa OE, kuunyamula pang'ono kuti uchoke pa GND, ndi kuwotcherera kawaya kochepa kuchoka pamenepo kupita ku CS. Amene sakufuna kugwira timiyendo tating'ono chonchi angaike 74LVC125 ina panja. Mwendo 14 upite ku mavoloti 3.3, mwendo 7 ku GND. MISO wochokera ku kabolodi ka SD alowe pa mwendo 2, mwendo 3 upite ku pini 12 ya Arduino, ndipo mwendo 1, womwe ndi OE, ulumikizidwe ku CS wa khadilo. Miyendo yolowera ya timazitseko titatu totsala isasiyidwe ili lende, imangiriridwe ku GND kapena ku 3.3. Ndinasankha LVC osati HC chifukwa LVC yoyendera mavoloti 3.3 imapirira mavoloti 5 a CS wochokera ku Arduino, ndipo chimene imatulutsa sichipitirira 3.3, mlingo umene chowerengera makhadi chimayendera.

Nditatero ndinabwereza kuyesa kuja. Mita inaima pafupi ndi 1.65. Ndinachotsa marezisita, ndinayatsa makina, `0x92` inabwerera.

Panatsala kanthu kena ka m'pulogalamu. Makina akangoyaka, mapini a Arduino amakhala asanauzidwe chochita, ndipo ma CS amakhala osagwiridwa ndi aliyense. Pulogalamu ikayamba kudzutsa chipangizo choyamba CS wa chachiwiri akadali chonchi, chachiwiricho chikhoza kuganiza kuti chalozedwa. Ndiye chinthu choyamba n'kutontholetsa onse. Ine CS wa khadi la SD anali pa pini 4, wa chowerengera pa pini 10:

```
digitalWrite(4, HIGH);
pinMode(4, OUTPUT);
digitalWrite(10, HIGH);
pinMode(10, OUTPUT);
SPI.begin();
```

Ndinaika `digitalWrite` patsogolo pa `pinMode` mwadala, kuti pini ikayamba kutulutsa iyambire pa 1, isadutse pa 0 ngakhale kamphindi. Rezisita ya maomu 10,000 yokokera CS aliyense m'mwamba imatseka mpata wotsala, uja wa pakati pa kuyaka kwa magetsi ndi kuyamba kwa pulogalamu.

Zipangizo zikachuluka

Pa zipangizo ziwiri munthu angadalire pulogalamu kuti isatsitse ma CS awiri nthawi imodzi. Zikafika zisanu ndi zitatu, cholakwika chimodzi m'pulogalamu n'chokwanira kubutsa mkangano. Opanga makompyuta anathetsa izi posapatsa pulogalamu mpata wolakwa. Amaika tchipi yotchedwa dikoda, monga 74HC138. Imalandira nambala ya pa mawaya atatu, kuyambira 0 mpaka 7, ndipo ili ndi miyendo 8 yotulukira. Mmene inapangidwira, mwendo umodzi wokha ndi umene ungatsike pa 0, wogwirizana ndi nambalayo, kapena onse akhale pa 1 ikazimitsidwa. Mukalumikiza miyendo imeneyi ku ma CS kapena ma OE, nambala iliyonse imene pulogalamu ingatumize imaloza mmodzi. Mu kompyuta ya Z80 nambalayo imatengedwa pa mawaya apamwamba a adiresi, kotero kuti chigawo chilichonse cha memore chili ndi mwini wake mmodzi.

Komabe dikoda siithetsa zonse, chifukwa kachitseko sikatseka pompopompo. Kuchokera pamene OE walamula mpaka pamene mwendo wasiyadi waya pamapita timanosekondi tingapo, nthawi zina makumi angapo, malinga ndi banja la tchipi. Nanosekondi ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a sekondi, koma ngati wobwera akutsegula msanga kuposa mmene wochoka akutsekera, awiriwo amagundana pakhomo nthawi iliyonse imene akusinthana. Mita siiona zimenezi. Osilosikopu imaziona: pa waya pamaoneka kasitepe koima pakati pa 0 ndi 1, ndipo pa mzere wa magetsi pamaoneka timinga. Mankhwala ake ndi kusiya mpata: wochoka atseke kaye, papite kanthawi, wobwera atsegule. Basi ya PCI, imene Intel inayambitsa mu 1992, inachita kulemba zimenezi m'malamulo ake, kuti waya akamasintha mwini pazidutsa kugunda kumodzi kwa wotchi kopanda wolankhula. Nawo makhadi a SD ali ndi khalidwe lofunika kulidziwa: ambiri sasiya waya CS akangokwera, amadikira kugunda kwa wotchi, n'chifukwa chake mapulogalamu abwino amatumiza bayiti imodzi yopanda ntchito akamaliza kulankhula ndi khadi.

Mpata umenewu uli ndi vuto lakenso. Onse akachotsa manja, waya amatsala wopanda mwini, ndipo amatola phokoso la magetsi a mawaya oyandikana naye, ngakhale la chala chimene chayandikira. Mwendo womvera wa tchipi ukakhala pa mlingo wapakati umenewu, umawerenga zopanda pake ndipo umadya magetsi mosafunikira. Apa pamalowa rezisita imodzi ya maomu masauzande angapo, yokokera waya m'mwamba kapena pansi. Ndi yofooka moti wolankhula aliyense amaigonjetsa mosavuta, koma onse akakhala chete imaimika waya pamalo odziwika.

Palinso njira ina imene kampani ya Philips inatsata pa basi yake ya I2C kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Kumeneko palibe chipangizo chololedwa kunyamula waya. Chilichonse chimangomukanikiza pansi kapena kumusiya, ndipo rezisita ndi imene imamubwezera m'mwamba. Awiri akalankhula pamodzi palibe shoti, 0 amangopambana. Mtengo wake ndi liwiro, chifukwa rezisita imakweza waya pang'onopang'ono poyerekeza ndi thiranzisita. Kumene kukufunika kuthamanga, kachitseko ka mikhalidwe itatu ndi kamene kamasankhidwa, ndipo pamodzi nako pamabwera udindo woonetsetsa kuti wolankhula ndi mmodzi.

Kuyambira tsiku lija ndinasintha kagwiridwe ka ntchito. Kabolodi katsopano kalikonse ka SPI kakafika, ndisanaone ngati kakuyankha, ndimayamba ndakayesa ngati kakutha kusiya waya. Marezisita awiri aja ndinawawotcherera pamodzi ndi timawaya titatu, ndipo amakhala m'kabokosi limodzi ndi mita. Ndimakweza CS, ndimagunditsa nsonga ya mita pa MISO, ndi kudikira nambala. Ikaima pa 1.65, kabolodiko ndimakalola kukhala pa waya mmodzi ndi tinzake.